GitHub ikakana fayilo yaikulu: kukonza mbiri ya ntchito ndi Git LFS

GitHub simalandira fayilo iliyonse yoposa mamegabayiti 100 kudzera mu Git wamba. Fayilo ikapitirira mamegabayiti 50 imalowa ndithu, koma ndi chenjezo. Ikadutsa 100, zonse zimene munthu amatumiza nthawi imeneyo zimabwezedwa, ngakhale timafayilo ting'onoting'ono tosalakwa timene tinali nayo limodzi. Pa kompyuta pamaoneka uthenga wonga uwu:

```
remote: error: File makanema/chiyambi.mp4 is 240.00 MB; this exceeds GitHub's file size limit of 100.00 MB
remote: error: GH001: Large files detected. You may want to try Git Large File Storage - https://git-lfs.github.com.
! [remote rejected] main -> main (pre-receive hook declined)
```

Mzere woyamba ukutchula fayilo yolakwayo ndi kukula kwake. Wachiwiri ukulozera kumene kuli thandizo. Wachitatu ukunena chinthu chimene ambiri sachilabadira chifukwa cha mantha, chonsecho n'chimene chimapeputsa ntchito yonse yokonza: seva yakana katunduyo ali pakhomo, ndipo palibe chilichonse chimene chalowa. Vuto lonse lidakali pa kompyuta ya munthu mmodzi.

Malire amenewa ali ndi chifukwa chake. Git, pulogalamu imene Linus Torvalds analemba mu 2005, imasunga mbiri yonse ya ntchito. Nthawi iliyonse munthu akalemba lamulo la `git commit`, mbiriyo imawonjezeka ndi ndime imodzi, ndipo ndimeyo imakumbukira mmene fayilo iliyonse inalili pa nthawiyo. Aliyense wokopera nkhokwe ya ntchitoyo ndi `git clone` amatenga ndime zonse, kuyambira yoyamba. Pa mafayilo a zolemba, monga malamulo a pulogalamu, zimenezi sizilemera, chifukwa Git imapanikiza zolembazo n'kusunga kusiyana kwa mizere yochepa imene yasintha. Kanema, nyimbo, chithunzi kapena fayilo ya `.zip` ndi zina. Zimenezi zimakhala zopanikizidwa kale, ndipo kudula masekondi awiri okha mu kanema kumasintha pafupifupi zonse za m'kati mwa fayiloyo. Git sipeza chofanana choti isungire pamodzi, choncho imasunga kanema yense kachiwiri. Kanema wa mamegabayiti 240 akakonzedwa kasanu, nkhokwe imanyamula makope asanu ndi limodzi, mamegabayiti pafupifupi 1,440, ndipo aliyense wolowa m'gulu amayenera kuwakopera onse ngakhale akufuna lomaliza lokha.

Chifukwa chake kufufuta fayilo sikuthandiza

Nachi chitsanzo chimene chimachitika kawirikawiri. Wolemba mapulogalamu akupanga pulogalamu ya maphunziro ya pa foni. Lolemba waika kanema wa chiyambi, `makanema/chiyambi.mp4`, wa mamegabayiti 240, n'kusunga ndime. Lachiwiri wakonza tsamba lolowera, wasunga ndime ina. Lachitatu akuti atumize zonse ndi `git push`, ndipo uthenga uja wabwera.

Chimene chimayamba kubwera m'mutu n'kufufuta kanemayo. Akumufufuta, akusunga ndime yachitatu, akutumizanso, koma uthenga ndi womwe uja, dzina la fayilo lomwe lija, ngakhale mufoda mulibenso kanema. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Chimene `git push` imatumiza si foda mmene ikuonekera lero ayi, koma ndime zonse zimene seva ilibe. Ndime ya Lolemba idakali ndi kanema wathunthu. Ndime yachitatu ikungonena kuti kuyambira pano kanemayo kulibe. Sikubwerera m'mbuyo kukachotsa zimene zinasungidwa kale.

Kenaka munthuyo akuwerenga mzere wachiwiri wa uthenga uja, akuika Git LFS, akuiuza kuti iziyang'anira mafayilo a `.mp4`, akubwezera kanemayo, akusunga ndime yachinayi, akutumiza. Akukanidwanso. Chifukwa chake ndi chomwecho: Git LFS imagwira mafayilo amene akulowa kuyambira pamene yaikidwa, ndipo ndime ya Lolemba inasungidwa isanabwere. Ndime zinayi zonsezi zikhoza kuonedwa ndi lamulo ili, limene limaonetsa zimene zili pa kompyuta koma sizinafike ku seva:

```
git log --oneline origin/main..main
```

Bola ngati ndime imodzi pa mndandanda umenewu ili ndi fayilo yoposa malire, GitHub idzakanabe. Choncho ntchito ili pawiri: kuika Git LFS, ndi kulembanso ndime zimene sizinatumizidwe.

Mmene Git LFS imagwirira ntchito

Kampani ya GitHub inalengeza Git LFS mu 2015 ngati pulogalamu yaulere yowonjezera pa Git, ndipo masiku ano GitLab ndi Bitbucket nazonso zimagwira nayo ntchito. Nzeru yake ndi yosavuta. M'malo mosunga kanema m'mbiri, Git imasunga kafayilo kolozera ka mizere itatu, ka mabayiti pafupifupi 130:

```
version https://git-lfs.github.com/spec/v1
oid sha256:4d7a214614ab2935...
size 251658240
```

Mzere wachiwiri ndi nambala ya zilembo 64 (pano yafupikitsidwa) yowerengedwa kuchokera ku zimene zili m'kati mwa kanemayo, moti kanema akasintha pang'ono nambalayo imasinthanso. Mzere wachitatu ndi kukula kwake m'mabayiti. Kafayiloka kali ngati lisiti imene munthu amapatsidwa akasungitsa katundu kudepoti: iyo ndi yopepuka, imalowa m'thumba, koma ndi imene imatulutsa katundu weniweniyo. Kanema weniweni amasungidwa pa kompyuta mufoda ya `.git/lfs/objects`, ndipo potumiza amapita ku malo ena a seva osungira mafayilo aakulu.

Kusinthanaku kumachitika popanda munthu kuona. Pa `git add`, sefa imatenga kanema n'kupereka kalozera kwa Git. Potulutsa mafayilo mufoda, sefa ina imawerenga kalozera n'kuika kanema weniweni m'malo mwake. Ndipo `git push` isanayambe, kapulogalamu kotchedwa `pre-push` kamayamba katumiza mafayilo aakuluwo. Phindu lake n'lakuti wokopera nkhokwe amatenga makalozera a mbiri yonse, koma kanema amangotenga wa ndime imene akugwirapo ntchito.

Kuika pulogalamuyi sikutenga nthawi. Pa Windows imabwera limodzi ndi Git for Windows. Pa Ubuntu ndi Debian imaikidwa ndi `sudo apt install git-lfs`, pa Mac ndi `brew install git-lfs`. Kenaka, munthu ali m'kati mwa foda ya ntchito, amalemba:

```
git lfs install
```

Lamuloli limalembetsa masefa aja ndi kuika kapulogalamu ka `pre-push`. Likayenda bwino limayankha kuti `Git LFS initialized.` Aliyense wa m'gulu ayenera kulilemba kamodzi pa kompyuta yake.

Funso loyamba: kodi fayiloyi ndi yofunikadi m'nkhokwe?

Asanakonze chilichonse, munthu wanzeru amayamba waona chimene chakanidwa. Nthawi zambiri fayilo yaikuluyo inalowa mwangozi kudzera mu `git add .`, lamulo limene limakokolola chilichonse chimene lapeza. Ikhoza kukhala fayilo ya `.apk` imene kompyuta imapanganso yokha nthawi iliyonse, kapena `.zip` imene wina anasiya mufoda, kapena kope la nkhokwe ya maina ndi manambala a makasitomala, limene siliyenera kupita pa seva ya wina aliyense. Zotere malo ake si Git LFS. Zimachotsedwa m'mbiri, dzina lake n'kulembedwa mu `.gitignore` kuti zisadzalowenso. Pulogalamu yomalizidwa yoti anthu akopere imaikidwa pa gawo la Releases la GitHub, limene limalola fayilo imodzi kufika magigabayiti awiri popanda kulemetsa mbiri.

Git LFS ndi ya mafayilo amene ntchito singayende popanda iwo ndipo amasintha limodzi nayo: zithunzi za wojambula, mawu ndi makanema a m'pulogalamu, zipangizo za masewero a pa kompyuta. Kanema wa chiyambi uja ali m'gulu limeneli.

Njira ziwiri zokonzera mbiri

Kulembanso mbiri n'kosintha zinthu zimene zinasungidwa kale, choncho ndi bwino kukopera foda yonse pamalo ena, pamodzi ndi foda yobisika ya `.git`, ntchito isanayambe. Zikasokonekera, munthu amangobwerera ku kopelo.

Njira yoyamba ndi yophwasula ndime zonse zosatumizidwa n'kuzimanganso ngati ndime imodzi:

```
git reset origin/main
git lfs track "*.mp4"
git add .gitattributes
git add .
git commit -m "Kanema wa chiyambi ndi tsamba lolowera"
git push
```

Lamulo loyamba limabweza nthambi pamene seva ili, koma silikhudza mafayilo a mufoda. Ntchito ya Lolemba ndi ya Lachiwiri imakhala ilipobe, yosasungidwa chabe. Apa pafunika maso: `git reset --hard` ndi lamulo lina, ndipo limafufuta ntchito yonseyo. Nalonso `git reset --soft` lili ndi msampha wake, chifukwa limasiya mafayilo pamndandanda wa zoti zisungidwe mmene analowera poyamba, moti kanema amene analowa asanadutse m'sefa amatsala wathunthu. Kulemba `git reset` popanda chowonjezera chilichonse ndi kumene kumayeretsa mndandandawo kuti kanemayo alowenso kudzera m'sefa.

Lamulo lachiwiri limalemba mzere umodzi mufayilo ya `.gitattributes`:

```
*.mp4 filter=lfs diff=lfs merge=lfs -text
```

Mzere umenewu ndiwo mtima wa dongosolo lonse, ndipo uyenera kusungidwa m'mbiri kuti anzake a m'gulu aulandire. Zizindikiro zotsekera `"*.mp4"` si zokongoletsa. Popanda izo, pa Linux ndi pa Mac kompyuta imasandutsa nyenyeziyo kukhala maina a makanema amene ali mufodamo panthawiyo, ndipo kanema wobwera mawa sadzagwidwa. Pa Linux palinso kusiyana pakati pa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: makamera ambiri amatchula mafayilo awo ndi `.MP4`, ndipo mzere wa `*.mp4` suwaona.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti ndime zinayi zija zimasanduka imodzi, ndipo mauthenga ake amatayika. Ubwino wake n'kwakuti kope lomaliza lokha la kanema ndi limene limatumizidwa. Ngati m'masiku amenewo kanemayo anakonzedwa katatu, makope akale sapita n'komwe ku seva.

Njira yachiwiri ndi ya amene ali ndi ndime zambiri zosatumizidwa ndipo akufuna kuti iliyonse ikhalebe payokha ndi uthenga wake. Git LFS ili ndi lamulo lochitira zimenezi. Munthu amayamba wasunga zonse zimene wasintha kuti foda ikhale yoyera, kenaka:

```
git lfs migrate info
git lfs migrate import --include="*.mp4"
git lfs checkout
git push
```

Lamulo loyamba silisintha kanthu. Limangoonetsa mitundu ya mafayilo imene ikudya malo ambiri m'ndime zosatumizidwa. N'lofunika chifukwa nthawi zina pambali pa kanema amene wadziwika pamakhala fayilo ina ya mamegabayiti 80 imene ikanalowa ndi chenjezo chabe n'kukhala m'mbiri mpaka kalekale. Lachiwiri ndilo limagwira ntchito yeniyeni. Limadutsa m'ndime imodzi ndi imodzi, kuchotsa kanema, kuika kalozera m'malo mwake, ndi kuwonjezera mzere uja mu `.gitattributes`. Likalembedwa chonchi, popanda china chowonjezera, limakhudza nthambi imene munthu alipo yokha, ndiponso ndime zokhazo zimene sizinafike ku seva iliyonse.

Likamaliza, ambiri amachita mantha akatsegula foda n'kupeza kuti kanema wa mamegabayiti 240 wasanduka kafayilo kosafika ndi kilobayiti imodzi yomwe, kosaseweranso. Palibe chimene chatayika. Mufoda mwangotsala kalozera, ndipo `git lfs checkout` imabwezeretsa kanemayo kuchokera mu `.git/lfs/objects` popanda kugwiritsa ntchito intaneti.

Ndime zolembedwanso zimakhala ndi manambala atsopano, popeza nambala ya ndime imachokera ku zimene zili m'kati mwake. Komabe `git push` wamba ndi wokwanira, chifukwa ndime zakalezo sizinafikepo ku seva ndipo palibe wina amene anazitenga. Malangizo ambiri amene anthu amapatsana amati alembe `--everything` kenaka atumize mokakamiza ndi `--force`. Pa vuto ili zimenezo n'zosafunika, ndipo n'zoopsa. `--everything` imalembanso nthambi zonse kuyambira pa chiyambi cha ntchito, kuphatikizapo ndime zimene anzake anakopera kale, moti mbiri ya pa makompyuta awo imasiyana ndi ya pa seva ndipo aliyense amayenera kukoperanso nkhokwe. Ntchito yotero ili ndi nthawi yake, gulu lonse likagwirizana zotsuka mafayilo akale amene analowa ali pansi pa malire. Si yochita munthu mmodzi amene akungofuna kuti ntchito yake ya sabata ino idutse.

Kutsimikiza musanatumize

Kutumiza mamegabayiti 240 n'kukanidwa pamapeto n'kopweteka, makamaka kwa amene amagula bandulo ya intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake. Malamulo awiri amathandiza kudziwiratu:

```
git lfs ls-files
git show HEAD:makanema/chiyambi.mp4
```

Loyamba limatchula mafayilo amene ali m'manja mwa Git LFS. Pakati pa nambala ndi dzina la fayilo pamakhala nyenyezi `*` ngati fayilo yeniyeni ili mufoda, kapena kamzere `-` ngati muli kalozera chabe. Dzina la kanema likapanda kuoneka, ndiye kuti sefa sinamugwire. Lachiwiri limaonetsa chimene Git yasunga m'ndime yomaliza. Pakatuluka mizere itatu ija, zili bwino. Pakatuluka zilembo zosawerengeka zodzaza sikirini yonse, kanemayo adakali wathunthu m'mbiri. Potumiza, chizindikiro chakuti zayenda ndi mzere woyamba ndi `Uploading LFS objects: 100% (1/1)`, umene umabwera ndime zisanayambe kupita.

Uthenga wina umene umadza pambuyo pake ndi wonena za mafayilo `that should have been pointers, but weren't`. Umatanthauza kuti `.gitattributes` ikuti mafayilo a mtundu umenewo akhale makalozera, koma ena analowa kale m'mbiri ali athunthu, monga timakanema ting'onoting'ono timene tinatumizidwa miyezi yapitayo. Lamulo la `git add --renormalize .` limawadutsitsa m'sefa, ndipo ndime imodzi yatsopano imathetsa nkhaniyo.

Anzake a m'gulu, ndi mtengo wake

Mnzake amene alibe Git LFS akakoka ntchitoyo saona cholakwa chilichonse, koma mufoda yake mumafika makalozera okha. Pulogalamu imakana kusewera kanema, ndipo iye amaganiza kuti fayilo yawonongeka. Akaitsegula ngati zolemba amapeza mizere itatu ija. Mankhwala ake ndi kuika pulogalamuyo, kulemba `git lfs install`, kenaka `git lfs pull`. Zomwezi zimachitika kwa wokopera ntchito ndi batani la Download ZIP, pokhapokha mwini nkhokwe atasankha kuti mafayilo aakulu azilowa nawo. Komanso amene sakufuna makanemawo, mwina chifukwa akukonza zolemba zokha, akhoza kukopera nkhokwe motere pa Linux kapena pa Mac, n'kudzawatenga tsiku limene awafuna:

```
GIT_LFS_SKIP_SMUDGE=1 git clone <adiresi>
```

Mafayilo otere sangalumikizidwe anthu awiri akawasintha nthawi imodzi, monga zimachitikira ndi zolemba. Kope la mmodzi liyenera kusankhidwa, la winayo n'kutayidwa. N'chifukwa chake pali `git lfs lock`, lamulo limene munthu amatsekera nalo fayilo pamene akuikonza kuti anzake adziwe.

Git LFS nayo ili ndi malire. Pa akaunti yaulere ya GitHub fayilo imodzi siyenera kuposa magigabayiti awiri. Malo osungira ndi kuchuluka kwa zokopera pa mwezi zili ndi mlingo, ndipo kupitirira pamenepo n'kolipira. Kawerengedwe kake n'kofunika kukamvetsa. Kope lililonse limawerengedwa lathunthu: kanema wa mamegabayiti 240 akatumizidwa, kenaka n'kukonzedwa pang'ono n'kutumizidwanso, malo odyedwa ndi 480. Anthu anayi akakoka kope latsopanolo, mamegabayiti 960 amachotsedwa pa mlingo wa mwezi umenewo, ndipo amachotsedwa kwa mwini nkhokwe, osati kwa okokawo. Makina oyesa pulogalamu okha, amene amakopera ntchito nthawi iliyonse wina akatumiza, amawerengedwanso chimodzimodzi, ndipo ndi amene amamaliza mlingowo mwakachetechete.

Pa kompyuta ya munthu, makope akale amachotsedwa ndi `git lfs prune`. Pa seva sizophweka choncho. Kufufuta kanema m'nkhokwe, ngakhale kumuchotsa m'mbiri yonse, sikumuchotsa m'malo osungira a GitHub. Amakhalabe komweko n'kumawerengedwa, ndipo njira imene GitHub imapereka yomuchotseratu ndi kufufuta nkhokwe yonse n'kuipanganso. Pa chifukwa chimenechi, pa chitsanzo cha ndime zinayi chija, pamene ziwiri mwa izo zinali zongoyesa kuthawa uthenga wokana, njira yoyamba ndiyo yoyenera: imatumiza kope limodzi lokha la kanema, ndipo siikhudza ndime iliyonse imene anzake anatenga kale.